Silaidi ikuti mijigo 20 yatha, nanga kalata ya handova inene chiyani?

"Ndikusiya ntchito pa 30 Sepitembala ku bungwe lomwe likukumba mijigo 24 kuchigwa cha Shire. Sabata yatha ndinaonetsa madona otithandiza ndi ndalama masilaidi anga omaliza: mijigo 20 yatha, ndalama tagwiritsa ntchito 78 peresenti. Abwana akuti ndilembe kalata ya handova kuchokera pa masilaidi omwewo, chifukwa wolowa m'malo mwanga adzafika ine nditachoka kale. Kodi ndingokopera zomwe zili m'masilaidimo? Nanga zomwe sizinayende bwino ndizilembenso, kapena ndikudziputira mavuto?"

Zikomo achemwali chifukwa cha kalata yanu. Masilaidi aja musawataye, koma musawakopere. Muwaike pambali panu ngati mndandanda wokukumbutsani, ndipo pa silaidi iliyonse mudzifunse kuti: pamene ndinkaonetsa iyi, ndi chiyani chomwe ndinanena pakamwa, nanga ndi chiyani chomwe ndinangomeza? Zimenezo ndizo zolowa m'kalata. Masilaidi munawakonzera anthu ofuna kudziwa ngati ndalama zawo zagwira ntchito, ndipo inuyo munali pomwepo kuyankha mafunso. Kalata idzawerengedwa ndi munthu amene ali yekha pa desiki yanu Lolemba m'mawa, foni ikulira, wopanda womufunsa.

Tiyambe ndi mawu akuti "yatha", chifukwa bodza lopanda dala limabisala mmenemo. Inu mukudziwa kuti mjigo sutha tsiku limodzi. Pali kuyeza malo, pali kukumba ndi kuika mapaipi, pali kupopa kwa maola angapo kuti muone ngati madzi akubwera okwanira, kenaka kumanga simenti ndi kuika pampu ya Afridev. Zikatero madzi amapita kukapimidwa, komiti ya mjigo imaphunzitsidwa, ndipo pomaliza mumaupereka m'manja mwa anthu akumudzi ndi a ku ofesi ya zamadzi ku khonsolo. Pa silaidi, mjigo womwe uli pa sitepe yachinayi ndi womwe wafika kumapeto zimaoneka zofanana: yonse ili m'kati mwa nambala 20.

Tiyerekeze kuti mwakhala pansi ndi mafayilo n'kupeza kuti yomwe inaperekedwa kwa eni ake ndi siginecha zonse ndi 13. Ina 4 ili ndi pampu, anthu akutunga, koma makomiti ake sanaphunzitsidwe. Iwiri mukudikirabe zotsatira za kupima madzi. Umodzi uli ndi madzi amchere, vuto lomwe aliyense wogwira ntchito ku Chikwawa ndi Nsanje amalidziwa, ndipo amayi abwerera kale kumtsinje. Powerengera mijigo yotulutsa madzi, 20 mwa 24 ndi 83 peresenti, ndipo simunaname. Powerengera yomwe wolowa m'malo mwanu sadzaigwiranso, 13 mwa 24 ndi 54 peresenti chabe. Iyeyo akangoona silaidi adzaganiza kuti yatsala mijigo 4, pomwe ntchito yomudikira ili pa malo 11.

Choncho tsamba lofunika kwambiri m'kalata yanu ndi tebulo la mizere 24, mjigo uliwonse mzere wake: mudzi, gulupu, nambala za malo pa mapu, sitepe yomwe wafika, chotsatira n'chiyani, akuyenera kuchita ndani, pofika liti. Ndipo pamwamba pa tebulolo lembani chiganizo chimodzi chonena momwe munawerengera 20 uja. Anthu ambiri amachinyozera chiganizo chimenechi. Koma wotsatira wanu akadzawerenga mwanjira yake n'kulemba 13 mu lipoti lotsatira, madona adzafunsa kuti mijigo 7 yapita kuti, ndipo dzina lomwe lidzatchulidwe ndi lanu.

Mijigo 4 yotsala ija muifotokoze ndi mawu athunthu, osati timawu tiwiri ta pa silaidi. Mwachitsanzo, mmalo molemba kuti "malo amodzi achedwa", lembani motere: "Pamudzi wachitatu kontilakita anakumba mamita 45 osapeza madzi okwanira. Iye akuti timulipire dzenje loumalo, ife tikuti mgwirizano sulola. Kalata yake ndi yankho lathu zili mu fayilo ya kontilakita. Nkhaniyi sinathe, ndipo wati sabweretsanso makina mpaka ithe. Woti agamule ndi mkulu wa mapulogalamu." Munthu akawerenga zimenezo akudziwa pomwe pali mfundo, akudziwa komwe kuli mapepala, akudziwanso chitseko chogogoda.

Pamenepa onjezerani nyengo, chifukwa silaidi ilibe mvula. Mukuchoka kumapeto kwa Sepitembala, ndipo wolowa m'malo mwanu ali ndi Okutobala ndi mbali ya Novembala basi. Mvula ikangoyamba, galimoto lonyamula makina okumbira silidutsa m'misewu ya dothi yakumeneko, ndipo mjigo wopimidwa nthaka itakhuta madzi umatha kunamiza, n'kudzauma dzuwa likaswa mtengo chaka chamawa. Mlendo wochokera ku Lilongwe akhoza kutha masabata atatu akuwerenga mafayilo, osadziwa kuti masabata amenewo ndiwo anali okumbira. Muuzeni pa tsamba loyamba penipeni.

Tsopano ndalama. Silaidi yonena kuti 78 peresenti imachititsa munthu kuganiza kuti 22 yotsalayo ndi yongodikira ntchito. Pitani kwa akauntanti musanalembe chilichonse, mukafunse kuti mwa yotsalayo ndi ingati yomwe ili kale ndi mwini wake. Choyamba kuyang'ana ndi ndalama yomwe mumamusungira kontilakita kufikira nthawi yoona zolakwika itadutsa. Tinene kuti mgwirizano wanu umati mjigo umodzi ndi K10 miliyoni ndipo mumasunga 5 peresenti. Ndiye kuti ndi K500,000 pa mjigo, K10 miliyoni pa mijigo 20, mtengo wa mjigo wathunthu. Ngati buku la ndalama limangolemba zomwe zatuluka kale, ndalama imeneyo imaoneka ngati yotsala, ndipo munthu watsopano akhoza kuilonjeza ku mudzi wina mosangalala. Lembaninso tsiku lomwe nthawi yoona zolakwika ikutha pa mjigo uliwonse, poti imakhala yosiyana malinga ndi tsiku lomwe unamalizidwa. Simenti ikang'ambika kapena madzi akayamba kubwera ndi mchenga tsikulo lisanakwane, wokonza ndi kontilakita. Likadutsa popanda wina kukayendera, bungwe lalipira ntchito yosatha.

Zina zandalama n'zachidule: ma invoisi omwe afika koma sanalipidwe, ndi ndalama za ulendo zomwe munatapa koma malisiti ake simunabweze. Zomalizazi zitsekeni nokha musanachoke.

Chomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi malonjezo apakamwa, chifukwa ine zinandionekera. Zaka zapitazo ndinalowa m'malo mwa mayi wina wolimbikira ntchito pa bungwe lina, ndipo chomwe anandisiyira chinali masilaidi okongola ndi tsamba limodzi la manambala a foni. Ulendo wanga woyamba kumudzi, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine pa mpando womwe anabweretsa kuchokera ku tchalitchi. Malonje atatha, mlembi wa komiti anatulutsa kope la ana asukulu lokutidwa ndi pepala la shuga, nanyowetsa chala ndi malovu, natsegula tsamba lina. Panali tsiku, ndi mawu akuti alangizi alonjeza masipanala ndi zipangizo zosinthira pampu pakatha mwezi. Panali patapita miyezi isanu. Agulupu sanakalipe, anangoti, "Ife timayesa mwabwera nazo." Ndinalibe yankho, ndipo mu bajeti munalibe mzere wa zimenezo. Anthu aja anandilandira bwino, koma zinanditengera nthawi yaitali kuti mawu anga ayambenso kulemera pamudzi paja. Mayi uja sanabise dala. Lonjezo lija linalibe malo pa silaidi, ndiye linatsalira m'mutu mwake.

Ndiye khalani madzulo amodzi ndi foni yanu, mudutse mauthenga a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, komanso kope lanu la kumunda. Paliponse pomwe munanena kuti "tiona" kapena "tibweranso" kwa amfumu, kwa a makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, kwa mekaniki wa m'dera kapena kwa a ku khonsolo, lembani: ndinanena chakuti, kwa uje, pa tsiku lakuti, ndipo ndalama yake ilipo kapena palibe. Pomwe palibe ndalama, ndi bwino mukawauze nokha musananyamuke, kusiyana n'kusiyira mlendo ngongole yomwe sanatenge.

Za mantha anu aja, yankho langa ndi lakuti lembani, ndipo zikutetezani. Vuto lomwe mwalilemba ndi tsiku lake limakhala la pulojekiti. Lomwe adzalitulukire okha mu Januwale lidzatchedwa lobisidwa ndi inu, ndipo simudzakhalapo kuti mufotokoze. Chongofunika ndi kalembedwe. Lembani zochitika, osati khalidwe la munthu: "kontilakita anafika mochedwa ndi masabata atatu kawiri konse, makalata ali mu fayilo" ndi zothandiza, pomwe "kontilakita ndi wachinyengo" ndi mlandu, poti kalata ya handova imayenda m'manja ambiri. Ngati pali nkhani yomwe abwana sakuidziwa, monga mjigo wamchere uja, auzeni pamaso kalata isanawapeze. Ndipo madandaulo okhudza nkhanza kapena kubedwa kwa ndalama asalowe m'kalatayi ndi maina a anthu. Amenewo ali ndi njira yake, inu mungolemba kuti pali nkhani yomwe ili m'manja mwa woyang'anira zimenezo.

Kumapeto ikani komwe zinthu zili: mafayilo a mjigo uliwonse, makiyi, njinga yamoto ndi mabuku ake. Ngati mumasonkhanitsa manambala pa pulogalamu ya mWater kapena KoboToolbox ndipo akauntiyo munatsegulira pa imelo yanuyanu, isamutsireni ku imelo ya bungwe mukadali pa ntchito. Mapasiwedi musalembe m'kalata. Zithunzi zomwe zili m'foni mwanu zikopereni mu kompyuta ya ku ofesi, chilichonse ndi dzina la mudzi wake.

Masamba anayi kapena asanu akwanira, tebulo lija kukhala lowonjezera, masilaidi n'kumata kumbuyo. Mukamaliza, pofika pa 20 Sepitembala, perekani kalatayo kwa mnzanu wa mu ofesi yemwe sagwira za mijigo, awerenge inu muli chete. Kenaka mumufunse kuti atakhala iyeyo, sabata yoyamba angaimbire ndani, angapite mudzi uti, ndipo ndi ndalama iti yomwe sangaikhudze. Pomwe akakamire kapena kuyankha molakwika, pamenepo ndi pomwe mukalembenso, ndipo mudzakhala mukadali ndi masiku khumi oti mutero ndi kusainirana ndi abwana.