Moto wa Okonkwo ndi phulusa lake

*"Aphunzitsi, ndili chaka chachiwiri ku Chirunga ndipo ndimakhala ku Chikanda. Atiuza kuti tilembe chimangirizo cha masamba asanu cholondola chizindikiro chimodzi m'buku lonse. Ndasankha moto mu Things Fall Apart. Ndalemba kuti moto ukuimira ukali wa Okonkwo, basi mawu andithera pa ndime imodzi. Masamba enawo ndilembamo chiyani?"*

Achemwali, mawu akutherani chifukwa mwayamba ndi yankho. Mukanena kuti moto ndi ukali ndiye kuti mwatseka chitseko musanalowe m'nyumba. Chizindikiro cha m'nkhani yaitali sichikhala ngati chikwangwani cha pamsewu chimene chimanena chinthu chimodzi chaka ndi chaka. Chimayenda pamodzi ndi nkhani, chimasintha manja, ndipo masamba anu asanuwo ali m'kusinthako.

Tengani pensulo ndi kope, bukulo muliwerengenso kachiwiri. Ndi lalifupi, mitu 25 yokha, Loweruka ndi Lamlungu mwamaliza. Paliponse pamene mwapeza moto lembani mzere umodzi: mutu wake, ngati motowo ndi weniweni woti munthu angaothe kapena ndi wa m'mawu chabe, mwini wake wa mawuwo kapena wa motowo, ndi chimene changochitika kumene. Musaiwale abale ake a moto. Makala, nkhuni, utsi, malawi ndi phulusa onse alowe m'kope, pakuti nthawi zina wolemba amabisa nkhani yeniyeni mwa iwowa.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mumawerengera pa foni kapena pa laputopu, ndiye mukuganiza kale zongofufuza mawu. Chitani, koma pambuyo powerenga. Mukalemba `fire` makina sakusonyezani malo amene pali `flame` kapena `log` pokha, ndipo mukalemba `ash` akutolerani ndi `ashamed` yemwe, pakuti zilembozo zilimo. Makina amatola mawu, sadziwa kuti walankhula ndani.

Tsopano tiyende nawo motowo. M'mutu woyamba, Chinua Achebe asanatisonyeze n'komwe kupsa mtima kwa Okonkwo, akutiuza kuti mbiri yake inafala ngati moto wa m'tchire m'nyengo ya mphepo youma. Inu a ku Zomba simufuna kulongosoleredwa. Mwauonapo usiku mu Seputembala kapena Okutobala, mzere wofiira ukukwera phiri, m'mawa n'kupeza phulusa la udzu litagwera pa zovala zimene munayanika. Koma onani kuti pamenepa motowo si ukali. Ndi kutchuka, ndipo amene akulankhula ndi wofotokoza nkhani, akuyamikira ngati mmene mudzi wonse unkayamikirira. Mzere wanu woyamba wagwetsa kale ndime ija munalemba.

Lumphani mpaka mutu 13. Pamaliro a Ezeudu mfuti ya Okonkwo yaphulika n'kupha mwana wa malemuyo mwangozi. Okonkwo athawira kwawo kwa amayi ake ku Mbanta kwa zaka 7, ndipo m'mawa mwake amuna a m'mudzi abwera n'kutentha nyumba zake. Uwu ndi moto weniweni, ndipo suli m'manja mwake. Uli m'manja mwa mudzi, ndipo bwenzi lake la pamtima Obierika ali m'gulu la otenthawo. Bukulo likunenetsa kuti anthuwo analibe chidani naye, ankangoyeretsa nthaka imene inadetsedwa ndi magazi a mbale. Ndiye moto uja unanyamula dzina lake kumayambiriro ndi umene tsopano ukufafaniza pamene panali khomo lake. Apa pokha pali tsamba lathunthu, mukafunsa kuti n'chifukwa chiyani moto wopanda mkwiyo ndi umene wamupweteka kwambiri munthu wa mkwiyo.

Pamene pali mnofu weniweni ndi kumapeto kwa mutu 17, ndipo ndi pamene ophunzira ambiri amagwera m'mbuna. Nwoye, mwana wake wachisamba, walowa mpingo wa amishonale. Usiku Okonkwo wakhala yekha akuyang'ana chikuni chikunyeka. Akukumbukira kuti anthu amamutcha lawi la moto lolilima, ndipo akudabwa kuti munthu ngati iye angabale bwanji mwana wotere. Kenaka yankho limufikira: moto wamoyo umabala phulusa lozizira, lopanda mphamvu.

Chaka chilichonse chimene ndinkachonga zimangirizo za bukuli ndinkapeza chiganizo chomwechomwecho, chakuti wolemba akutisonyeza kuti Nwoye ndi phulusa. Ndinkalemba m'mbali ndi bolopeni yofiira kuti, "Wanena ndani?" Amene wanena ndi Okonkwo, bambo wokhumudwa, usiku, ali yekha. Si wofotokoza nkhani. N'chifukwa chake ndakuuzani kuti pa mzere uliwonse muzilemba mwini mawu. Mukabwerera m'kope mwanu pa mutu 7 mupeza kuti wofotokoza nkhani ananena kale china: Ikemefuna, mnyamata uja Okonkwo anabwera naye kuchokera ku Mbaino, ankaoneka kuti wakoleza moto watsopano mwa Nwoye. Ndiye moto mwa mwanayu unalimo. Ndipo m'mutu womwewo Okonkwo ndi amene anamaliza Ikemefuna ndi chikwanje. Ikani mizere iwiriyi pafupi, wa mutu 7 ndi wa mutu 17, muone chimene chituluke. Okonkwo akuti moto umabala phulusa ngati kuti ndi tsoka lobadwa nalo, koma bukulo latisonyeza kale dzanja limene linazimitsa moto wa mwanayo. Phulusa silichokera kumwamba, limatsala pamene moto wadya chinthu. Mawu a Okonkwo ndi oona kuposa mmene mwini wake akuwamvera, ndipo ine ndikanakhala inu mfundo yaikulu ya chimangirizo ndikanaimanga pamenepa.

Pali chinanso chimene simungachione mukamayang'ana moto wokha. Chizindikiro nthawi zambiri chimayenda ndi mdani wake. M'mutu 16, Nwoye atamva nyimbo ya amishonale, mawu ake anamugwera ngati madontho a matalala osungunukira pa nthaka yaludzu. Bambo akumuyeza mwana ndi muyeso wa moto, pamene wofotokoza nkhani akumufotokoza ndi mawu a madzi. Musasinthe mutu wa chimangirizo chanu n'kuyamba kulondola madzi, masamba asanu sangakwane. Ndime imodzi yokwanira.

Mutu 22 ndi wachidule kuulongosola. Enoch, mmodzi wa olowa mpingo, wavula chigoba mmodzi wa egwugwu, mizimu ya makolo yovala zigoba (ife a kuno sitivutika kumva kukula kwa mlandu wotero), ndipo mizimuyo igwetsa tchalitchi chimene mmishonale Bambo Brown anamanga n'kuchisiya mulu wa dothi ndi phulusa. Moto wabwereranso m'manja mwa mudzi, ndipo kwa kanthawi Okonkwo akusangalala. Koma phulusa limenelo ndi limene lichititsa kuti iye ndi anzake asanu atsekeredwe ndi bwanamkubwa wa boma la atsamunda. Imfa yakenso si ya moto. Akudzimangirira. Kusowa kwa chizindikiro pamalo pamene mumachiyembekezera n'koyeneranso kulembedwa m'kope.

Tsopano za kusankha, pakuti kope lanu lidzadzaza ndi moto wophikira ndi woothera. Si moto uliwonse uli ndi katundu. Ekwefi, mkazi wachiwiri wa Okonkwo, akatereka mphika, nthawi zambiri wangotereka mphika. Ine ndimayesa ndi mafunso awiri. Kodi wolemba waima pamotopo, kuupatsa mawu ochuluka kuposa amene nkhani imafuna kuti ipitirire? Nanga motowo wagwera pamalo pamene china chake chikutembenuka m'moyo wa munthu? Moto wa mutu 17 ukhoza mafunso onse awiri mosavuta. Wa pansi pa mphika wa chakudya cha madzulo ulephera onse. Usiyeni m'kope, usalowe m'chimangirizo.

Pali wina wa pakatikati umene ndimaukonda. M'mutu 5, mayi ake a Nwoye apempha Ekwefi kuti apatse mwana wake Ezinma makala a moto awabweretsere, ndipo kamtsikanako kawanyamula m'phale n'kuwakolezera. Ndi zimene zimachitika pamudzi uliwonse, ngakhale ku Sadzi kapena ku Chinamwali magetsi akazima. Koma Ezinma ndi mwana uja Okonkwo amangodandaula kuti akanakhala wamwamuna, ndipo ndi iye amene wanyamula moto kupita nawo kunyumba ya mayi wa mwana wotchedwa phulusa. Kodi Achebe anachita dala? Mungautchule, koma muutchule ngati chinthu chimene chikugwirizana ndi mizere ina, osati ngati mzati wa nyumba. Mukautsamira kwambiri ugwa nanu.

Pomwepo ndikuchenjezeni za nthenda ya ife olankhula Chichewa. Wophunzira wina anandilemberapo kuti Ezinma wapala moto, ndiye kuti waitana tsoka, chifukwa kwathu kuno kupala moto ndi kudziputira mlandu. Zinali zokoma kuwerenga, koma chining'a chimenecho ndi chathu, si cha Aigbo a ku Nigeria amene bukulo, lotuluka mu 1958, likunena. Chimodzimodzinso kukokera nkhani ku malawi a moto a m'dzina la dziko lathu, kapena ku moto wa Pentekoste chifukwa choti m'nkhanimo muli amishonale. Tanthauzo lililonse limene mwapatsa moto muzitha kuloza mutu umene mwalipeza. Zimene mukudziwa kuchokera kwanu zikuthandizeni kumva kutentha kwa moto wa m'tchire, koma zisakhale umboni.

Polemba, musandandalike malo onse motsatana ngati kaundula wa mfumu, "kenaka moto ukuonekanso, kenaka ukuonekanso". Ochonga amatopa pa tsamba lachiwiri. Yambani ndi chiganizo chimodzi chonena ulendo wonse, mwachitsanzo kuti moto umene Okonkwo amauyesa chizindikiro cha umuna wake bukulo limausonyeza ukudya za m'nyumba mwake momwe. Muone kuti m'chiganizochi muli mneni woyenda, osati "ukuimira". Kenaka sankhani malo anayi kapena asanu, ndipo ndime iliyonse iyambe ndi chimene chasintha kuchokera pa malo apitawo: moto wachoka m'mawu wakhala weniweni, wachoka kwa iye wapita kwa mudzi, wachoka pakamwa pa wofotokoza nkhani walowa m'mutu mwa Okonkwo. Mutu 7 ndi mutu 17 mupatse masamba awiri, enawo agawane otsalawo.

Mawu a m'buku muwatenge pang'ono, chiganizo chimodzi pa malo alionse, ndipo muzitchula mutu pamodzi ndi tsamba. Makope a bukuli amene amayenda m'manja mwa ophunzira ku Chirunga anasindikizidwa mosiyanasiyana, ndipo tsamba limene kwa inu lili ndi chikuni chija kwa aphunzitsi anu likhoza kukhala ndi nkhani ina.