Makope awiri a malamulo a gulu: kuwaphatikiza popanda kutaya ntchito ya wina

"Ndine mlembi wa gulu la alimi. Malamulo athu, a masamba 14, ndinawatumiza kwa a msungichuma kuti akonze zokhudza ndalama, inenso ndikukonza zanga pa kope langa, ndipo tonse sitinayatse Track Changes, chida cha Word chimene chimaika chizindikiro pa mawu alionse osinthidwa. Tsopano ndili ndi mafayilo awiri a Word osiyana mawu ndi maonekedwe omwe, chikhalirecho msonkhano waukulu wayandikira. Ndiwaphatikize bwanji kuti pasatayike kanthu?"

A mlembi, musanatsegule mafayilo awiriwo, yambani mwafufuza fayilo yachitatu, yomwe ndi kope limene munatumiza kwa a msungichuma wina aliyense asanalikhudze. Makope anu awiriwa ali ngati ana a mimba imodzi, ndipo simungadziwe chimene mwana aliyense wasintha ngati mayi wawo palibe. Tiyerekeze kuti m'kope lanu muli ndime yonena za mamembala atsopano, koma m'kope la a msungichuma mulibe. Mukayerekeza makope awiri okhawo, Word idzangokuonetsani kuti ndimeyo ili uku ndipo uko kulibe, koma singakuuzeni ngati inu munaiwonjezera kapena ngati a msungichuma anaichotsa dala. Zinthu ziwirizi zimafuna chigamulo chosiyana kotheratu, ndipo ndi kope loyambirira lokha limene lingathetse mkanganowo. Nthawi zambiri limapezeka m'maimelo amene munatumiza kapena m'macheza a pa WhatsApp. Musadalire deti limene kompyuta ikuonetsa pambali pa fayilo, chifukwa lingathe kukhala la tsiku limene fayiloyo inakopedwa, osati limene inalembedwa.

Mukalipeza, ikani mafayilo onse atatu m'foda imodzi, muwapatse mayina omveka monga `mayi.docx`, `mlembi.docx` ndi `msungichuma.docx`, ndipo musunge makope ena a mafayilowa kwina kumene simuwagwira. Ntchitoyi muichitire pa kompyuta, osati pa foni.

Mu Word, pitani pa Review, mudine Compare, ndipo mudzaona zosankha ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza, Compare ndi Combine. Compare imatenga zikalata ziwiri n'kutulutsa kusiyana kwake ngati kuti munthu mmodzi anasintha zonsezo atayatsa Track Changes, ndipo ngati m'zikalatazo munali kale zosintha zolembedwa chizindikiro, imazitenga ngati zovomerezedwa. Combine imasunga zizindikirozo pamodzi ndi mayina a eni ake, n'kuziika m'chikalata chimodzi. Popeza nonse munakonza osasiya zizindikiro, mufunika zida zonse ziwirizi motsatizana.

Poyamba sankhani Compare. Pa Original document muikepo `mayi.docx`, pa Revised document muikepo `mlembi.docx`, ndipo m'bokosi la Label changes with mulembemo Mlembi. Kenako dinani More, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli zinthu zimene zingakupulumutseni ku ntchito ya usiku wonse. Chotsani kachizindikiro pa Formatting, kuti Word isakuwerengereni malo alionse amene wina anasintha kukula kwa zilembo. Zikapanda kutero, kusintha kwa ndalama kumodzi kumabisala pakati pa zosintha zambirimbiri za maonekedwe. Pa Show changes at musankhe Word level. Ngati mutasankha Character level, ndalama ya K5,000 imene yasanduka K8,000 idzaoneka ngati nambala imodzi yokha yodulidwa pakati pa zinzake, ndipo diso lotopa silichedwa kuidumpha. Pa Show changes in musankhe New document, kenako musunge chotulukacho ndi dzina latsopano. Bwerezani zonsezi ndi `mayi.docx` ndi `msungichuma.docx`, koma dzina likhale Msungichuma.

Tsopano muli ndi mafayilo awiri amene maziko ake ndi amodzi, iliyonse ikuonetsa ntchito ya munthu mmodzi. Apa ndi pamene mungasankhe Combine, n'kuika imodzi pa Original document, inayo pa Revised document. Word ikakufunsani kuti isunge maonekedwe a chikalata chiti, chifukwa singasunge onse awiri, sankhani kope limene likuoneka laudongo ndipo musataye nthawi pamenepo. Chikalata chotuluka chidzaonetsa zosintha za aliyense ndi mtundu wakewake. Musanapitirize, fufuzani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mukukumbukira kuti munasintha, muonenso zina zimene a msungichuma anakuuzani. Ngati dzina limodzi lokha ndilo likuoneka paliponse, kapena masamba athunthu akuoneka odulidwa n'kulembedwanso, ndiye kuti mwasokoneza mafayilo kapena kope limene mukuliyesa loyambirira si lenilenilo.

Zosintha zambiri sizidzavuta: wina anakonza kalembedwe ka mawu, wina anawonjezera chiganizo pamalo pamene mnzake sanakhudze. Onetsetsani kuti mwasankha All Markup, ndipo muziyenda ndi Next, Accept ndi Reject, chimodzichimodzi. Batani limene ndikukuchenjezani nalo ndi Accept All Changes.

Chifukwa chake chikuoneka bwino pa chitsanzo ichi. Tinene kuti ndime 7 inkanena kuti wochedwa kumsonkhano azilipira K500. Inu munalemba K1,000, a msungichuma analemba K2,000. M'chikalata chophatikizidwa mudzaona K500 yodulidwa, kenako ndalama ziwiri zatsopano zitagundizana, ndipo mukavomereza zonse nthawi imodzi, malamulo a gulu adzanena kuti chindapusa ndi "K1,000K2,000". Apa kompyuta yamaliza mbali yake. Funso lakuti ndalama yoyenera ndi iti silingayankhidwe ndi Word, ndiponso, kunena mosabisa, si lanu nokha ngakhale kuti ndinu amene mwagwira kompyuta. Bwererani ku maminitsi a msonkhano umene unagwirizana zokonza malamulo. Ngati maminitsiwo akutchula ndalama, vomerezani imeneyo n'kukana inayo. Ngati sakutchula, musasankhe yapakatikati kuti musangalatse onse. Siyani K500, muikepo ndemanga kudzera pa New Comment, ndipo nkhaniyo ipite kwa a wapampando ndi komiti.

Ndikukulangizani kuti mutsegule fayilo ina ya tebulo laling'ono, mmene mzere uliwonse uzinena nambala ya ndime, mawu amene analipo, zimene inu munalemba, zimene a msungichuma analemba, zimene zasankhidwa ndi chifukwa chake. M'chikalata cha masamba 14 mizere yotere siichuluka, koma ndi imene idzakuyankhireni pamsonkhano munthu wina akadzaimirira n'kufunsa kuti anasintha chindapusa ndani.

Pali mkangano wina woopsa kuposa uwu, chifukwa sumaoneka ndi mtundu uliwonse. Umabwera pamene zosintha ziwiri zili m'malo osiyana, chilichonse chili cholondola pachokha, koma zikakumana zikutsutsana. Mwachitsanzo, inu munalowetsa ndime yatsopano ya mamembala atsopano pambuyo pa ndime 3, motero ndime zonse zotsatira zinasuntha ndi nambala imodzi. A msungichuma, posadziwa zimenezi, analemba m'gawo la ngongole kuti "wolephera kubweza adzalangidwa motsatira ndime 9". Ndime 9 imene iwo ankanena tsopano ndi ndime 10, ndipo 9 yatsopanoyo mwina ikunena za zisankho. Chimodzimodzinso, ngati iwo anakweza ndalama yolowera m'gulu kuchoka pa K5,000 kufika pa K8,000 m'gawo la chuma, pamene ndime yanu yatsopano ikutchulabe K5,000, Word idzavomereza zonse ziwiri mosadandaula. Mankhwala ake ndi kufufuza ndi Ctrl+F mukamaliza kuvomereza: lembani mawu oti "ndime" muone paliponse pamene ndime ina ikutchulidwa, kenako mufufuze ndalama iliyonse yakale, masiku ndi mayina a maudindo. Ngati manambala ena olozera ndime anaikidwa kudzera pa Cross-reference, dinani Ctrl+A kenako F9 kuti adzikonze, ndipo pamene patuluke mawu oti `Error! Reference source not found.` dziwani kuti ndime imene ankalozayo inachotsedwa.

Maonekedwe muwagwire pomaliza, mawu onse atakhazikika, apo ayi mudzakongoletsa ndime imene mawa idzachotsedwe. Yambani ndi kukula kwa pepala pa Layout, pa Size. Makompyuta ena amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America lomwe ndi lalifupi komanso lotakatako pang'ono kuposa A4 ya mamilimita 210 ndi 297 imene timasindikizira kuno, ndipo chikalata chokhala ndi magawo chingathe kusakaniza mapepala awiriwa. Dinani Ctrl+Shift+8 kuti zizindikiro zobisika zioneke. Mukaona Section Break, samalani poichotsa, chifukwa imasunga kukula kwa pepala, malire ake ndi mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba a gawo limene lili pamwamba pake. Ikachoka, gawolo limatengera maonekedwe a gawo lotsatira.

Kenako musakonze ndime iliyonse ndi manja. Gwiritsani ntchito masitayilo, omwe ndi maonekedwe okonzedwa kale mu Word: mitu ikuluikulu ikhale pa Heading 1, timitu pa Heading 2, mawu wamba pa Normal, ndipo mtundu wa zilembo ndi kukula kwake muzisinthe m'masitayilo momwemo kuti chikalata chonse chitsatire. Ndime imene ikukanirira maonekedwe ake akale muisankhe, mudine Ctrl+Q kuti mipata ndi malire ake zibwerere ku sitayilo, kenako Ctrl+Space kuti zilembo nazo zibwerere. Dziwani kuti Ctrl+Space imafafanizanso zilembo zakuda kwambiri ndi zopendeketsa zimene munaziika dala, choncho muzibwezeretse pamene zikufunika. Kuti mudziwe ngati mitu yonse yalowa m'sitayilo, yatsani Navigation Pane pa View. Mutu umene sukuoneka pamndandandawo ndi wongokulitsidwa ndi manja, ndipo sudzalowanso m'ndandanda wa zamkatimu. Muonenso manambala a ndime, chifukwa kawirikawiri munthu wina amawalemba yekha pamene mnzake amasiya kuti Word iziwerenga, ndipo zikasakanikirana mumapeza ndime 6 ziwiri kapena 8 kulibe. Sankhani njira imodzi m'chikalata chonse.

Ngati kope loyambirira lasowa ndithu, yerekezani makope awiriwo ndi Compare, koma mutenge chilichonse chodulidwa ngati funso, osati ngati chigamulo, ndipo muchite ntchitoyi mutakhala pamodzi ndi a msungichuma kuti aliyense azinena zimene anachita.

Musanatumize, yesani ntchito yanu motere: yerekezani chikalata chomaliza ndi `mlembi.docx`, kenako ndi `msungichuma.docx`, Formatting ili yochotsedwa. Mawu alionse a inu kapena a iwo amene akuoneka odulidwa ayenera kukhala ndi mzere wake m'tebulo lija kapena chifukwa chimene mungachifotokoze. Amene alibe ndiwo atayika mwangozi. Musanyengedwe ndi No Markup, imene imangobisa zizindikiro osazichotsa, moti wolandira fayilo adzaona mkangano wonse wa chindapusa. Tsegulani Reviewing Pane muone kuti zosintha zatsala 0, kenako pitani pa File, Info, Check for Issues ndi Inspect Document kuti muchotse ndemanga zotsalira. Kwa mamembala tumizani PDF, ndipo fayilo ya Word ikhale kwa munthu mmodzi kufikira msonkhano utatha.