Buku likunena zina, banki ikunena zina: mmene mungapezere pamene pagona kusiyanako

"Ndimasunga mabuku a ndalama pa sukulu yathu yaing'ono ku Matawale kuno ku Zomba. Pa 31 Okutobala buku langa la ndalama likuti ku banki tili ndi K1,846,000, koma sitetimenti ikuti K2,344,500. Aphunzitsi aakulu akufuna ndifotokoze pa msonkhano wa komiti. Ndawonkhetsa kangapo koma sizikugwirizana. Ndakutumizirani zithunzi za buku, sitetimenti ndi buku la macheke. Kodi ndingolemba K498,500 yoonjezerayo m'buku kuti zifanane?"

Mayi, musalembe. K498,500 imeneyo si ndalama imodzi imene inagwa kuchokera kumwamba. Ndi zinthu zisanu ndi ziwiri zosiyana, zina zokweza, zina zotsitsa, zimene zaunjikana n'kubala nambala imeneyo. Mukaiponya m'buku ngati mzere umodzi, mwezi wamawa macheke amene munalemba akadzatapidwa mudzapezeka kuti buku likulonjeza ndalama zimene kulibe, ndipo pamenepo kufotokoza kwake kudzavuta kuposa lero.

Chinthu chilichonse chimene chili mbali imodzi yokha muzichifunsa funso limodzi: ndani amene sakudziwa, buku kapena banki? Ngati banki inachita kanthu inu osadziwa, monga kulandira fizi kwa kholo kapena kudula ndalama zake za ntchito, buku lanu ndilo latsalira ndipo muyenera kulikonza. Ngati inu munachita kanthu koma banki sinaone, monga cheke chimene munapereka koma mwini wake sanapite nacho, buku lili bwino, musalikhudze. Zoterozo zimangolembedwa pa pepala lapadera n'kumadikira kuti zidzaonekere. Anthu ambiri amasokonezeka chifukwa chosakaniza mitundu iwiriyi.

Ndisanayambe kuchonga ndinayang'ana pa 1 Okutobala, ndipo inunso muziyambira pamenepo. Tsiku limenelo sitetimenti inali kale pamwamba pa buku ndi K75,000. Ndiye kuti gawo lina la vutoli si la Okutobala n'komwe, ndipo mukanafufuza mwezi umenewu wokha mpaka kucha simukanalipeza. Nditabwerera m'mbuyo m'buku la macheke ndinapeza cheke nambala 000388 cha K75,000, cholembedwa mu Juni kwa munthu amene anakonza mpope wa madzi. Pa sitetimenti ya Okutobala palibe, ndipo kusiyana kwa pa 1 Okutobala kukusonyeza kuti sichinatapidweponso miyezi ya m'mbuyomo. Tibwererako.

Kuchonga kwenikweni n'kosavuta, kumangofuna pensulo ndi kudekha. Kumbukirani kuti sitetimenti imalembedwa ndi maso a banki. Ndalama zimene inu mwalemba kuti zalowa, pa sitetimenti zimakhala pansi pa mutu wakuti Credit, chifukwa kwa banki imeneyo ndi ngongole imene ili nayo kwa inu. Zotuluka zimakhala pansi pa Debit. Tengani mzere woyamba wa sitetimenti, muupeze m'buku, muchonge mbali zonse ziwiri, mupite wotsatira. Yambani ndi zolowa zokha mpaka zithe, kenako zotuluka. Musachonge chifukwa choti nambala ya cheke yafanana basi, yang'ananinso ndalama zake manambala onse. Mukamaliza, zimene zatsala zopanda chizindikiro ndizo ntchito yanu.

Pa sitetimenti panatsala zitatu. Pa 14 Okutobala panalowa K180,000 yoikidwa pa kauntala, yopanda dzina la mwana. Pa 22 panalowa K95,000 yochokera pa Mpamba, pongooneka nambala ya foni. Ndiye pali ndalama zimene banki inadula pa kusunga akaunti ndi zina zing'onozing'ono, zonse pamodzi K12,500. Zitatu zonsezi buku silikuzidziwa, choncho zilowe m'buku: 1,846,000 kuphatikiza 180,000 ndi 95,000 ndi 2,121,000, kuchotsapo 12,500 kutsala K2,108,500.

M'buku munatsalanso zitatu: cheke cha Juni chija cha K75,000, cheke nambala 000421 cha K320,000 chimene munalembera kalipentala wa madesiki pa 29 Okutobala, ndi K150,000 ya fizi imene munalemba kuti inapita ku banki pa 31 madzulo kudzera kwa ejenti. Izi banki ndiyo sinazione. Pa pepala lapadera yambani ndi nambala ya sitetimenti, K2,344,500. Onjezani K150,000 imene ili pa njira, mupeza 2,494,500. Chotsani macheke awiri aja, K395,000, chifukwa ndalamazo ngakhale zikuoneka mu akaunti zili kale ndi eni ake. Kutsala K2,099,500.

Tsopano buku likuti 2,108,500, pepala likuti 2,099,500. Patsala K9,000. Apa m'pamene ambiri amatopa n'kunena kuti ndi kandalama kochepa, kasiyeni. Koma nambala ikamagawika ndi 9 mosatsala kanthu, kawirikawiri imakhala ikuloza manambala awiri oyandikana amene asinthana malo polemba. Ndinabwerera ku macheke ndipo ndinachipeza: cheke nambala 000417, cha ufa ndi nyemba za phala la ana. Pa kachidutswa kotsala m'buku la macheke palembedwa K254,000, banki inalipira K254,000, koma m'buku la ndalama munalowa K245,000. Buku likonzedwe pochotsa K9,000 inanso, ndipo lifika pa K2,099,500, ndendende ndi pepala lija. Pokonza musafufute kapena kupaka choyeretsera. Lembani mzere watsopano wonena cheke chake ndi chifukwa chake, kuti wobwera pambuyo panu adzathe kulondola. Pali kanzeru kenanso kofanana nako: kusiyana kukakana kupezeka, kugaweni pawiri n'kufufuza theka lakelo, chifukwa ndalama yolembedwa mbali yolakwika, yotuluka n'kulembedwa ngati yolowa, imabweretsa kusiyana kowirikiza kawiri.

Ndiye nambala yoti mukanene ku komiti ndi K2,099,500. Koma musakaime pamenepo, chifukwa kugwirizana kwa manambala sikunayankhe kuti K275,000 ija ndi ya ndani.

M'sukulu za mtundu wanu vuto limeneli silitha. Kholo lili ku Jali kapena ku Thondwe, latuma m'bale kukaika ndalama ku banki m'tauni, m'baleyo walemba dzina lake kapena osalemba kanthu, silipi n'kuiwalika m'thumba la malaya. Mwana akuthamangitsidwa m'kalasi pa nkhani ya fizi pamene ndalama zake zili mu akaunti. Ndalama zoterezi zilowe m'buku, inde, koma pa mzere wakewake wakuti zosadziwika mwini, osati pa fizi. Ya pa Mpamba ija siyovuta, imbani nambalayo kapena muifananize ndi manambala a makolo m'kaundula. Ya pa kauntala, pitani ku nthambi yanu ndi kalata yosainidwa ndi amene amasainira akauntiyo, mupemphe kuona silipi ya tsiku limenelo. Nthawi zambiri pamakhala dzina kapena foni ya woika.

Chimene ndikukuletsani ndicho kuganizira. Mukaona kuti K180,000 ikufanana ndi fizi ya ana awiri a banja lina limene silinalipire, mtima umafuna kungowalembera lisiti. Musatero popanda silipi. Komanso musalengeze pa msonkhano wa makolo kuti pali K180,000 yopanda mwini, chifukwa eni ake adzachuluka. Nenani kuti amene anaika ndalama ku banki mu Okutobala koma sanalandire lisiti abwere ndi silipi. Ikabwera, tsiku, ndalama ndi nambala yake zifanane ndi mzere wa pa sitetimenti, ndipo pa mzerewo mulembe nambala ya lisiti imene mwapereka. Kutero kumatseka njira ya silipi imodzi yobwera kawiri, koyamba yeniyeni, kachiwiri chithunzi chake pa foni teremu yotsatira. Dziwaninso kuti nthawi zina ndalamayo si ya sukulu n'komwe. Wina analakwitsa nambala ya akaunti, ndipo banki ikazindikira idzaibweza kwa mwini wake. N'chifukwa chake mpaka mwini adziwike, K275,000 imeneyo musaiwerengere pa malipiro a aphunzitsi. Yodalirika pakadali pano ndi K1,824,500.

K150,000 ya pa njira ija ndiyo ndingaiyang'anitsitse kuposa zonse. Ndalama yoikidwa madzulo a tsiku lomaliza kuonekera mwezi wotsatira si zachilendo. Koma iyenera kuonekera m'masiku oyambirira a Novembala, yathunthu, ngati mzere umodzi wa K150,000. Ikapanda kuoneka, kapena ikaoneka patatha masabata awiri, kapena m'zidutswa, funsani silipi kwa amene anatumidwa tsiku lomwelo. Pali kachitidwe kodziwika kamene munthu amagwiritsa ntchito ndalama za lero n'kudzabweza ndi za mawa, za mawa n'kudzabweza ndi za mkuja. Chizindikiro chake n'chakuti masiku a pakati pa kulandira ndi kuika ku banki amanka natalika mwezi ndi mwezi. Sindikunena kuti zili choncho kwanuko. Ndikunena kuti mzere umenewu ndi pamene zoterezi zimabisala, ndipo n'kwabwino kuti wochonga sitetimenti asakhale yemweyo wopita ndi ndalama ku banki. Ngati ntchito zonse ziwiri zili pa inu nokha, pemphani wina wa m'komiti azisaina pepalalo ataona masilipi. Zimateteza inu amene.

Cheke cha kalipentala chisakudetseni nkhawa, changotha masiku awiri. Cha Juni ndicho chofunika kuchilondola. Mabanki salipira cheke chimene chapitirira miyezi 6 chilembedwere, ndiye chimenechi chifa mu Disembala. Munthu wokonza mpope sangasunge K75,000 m'kabati miyezi inayi popanda chifukwa. Mwina chinatayika, mwina chinabwezedwa chifukwa dzina silinafanane ndi la pa chiphaso chake, mwina anabwera kudzadandaula ndipo wina anamupatsa ndalama pamanja osakuuzani. Chomalizachi chikakhala choona, ndiye kuti cheke chikadzatapidwa mwalipira kawiri. Muimbireni. Ngati chinatayika, lemberani banki kuti ichiimitse, ndipo ikatsimikiza, bwezerani K75,000 m'buku ngati yolowa, mulembe kuti mudakali ndi ngongole kwa munthuyo, kenako mumulipire mwatsopano. Musamupatse china choyambacho chisanaimitsidwe.

Pepala la Okutobala mulisunge mu fayilo limodzi ndi sitetimenti yake. Ya Novembala ikafika, musanachonge china chilichonse, tengani zitatu zija, 000388, 000421 ndi K150,000, muone ngati zatulukira. Zotulukira muzichonge pa pepala lakale lomwelo, osazilembanso m'buku chifukwa zilimo kale. Zosatulukira zisamukire pa pepala la Novembala ndi tsiku lake loyambirira, kuti aliyense woliwerenga aone kuti zakhala nthawi yaitali bwanji.