Kugunda katatu kudzanja lamanja, kawiri kulamanzere: pomwe manja amasokonezekera

"Ndikuphunzira kugunda katatu ndi dzanja lamanja pomwe lamanzere likugunda kawiri. Lililonse palokha ndimatha bwinobwino, koma ndikangowaphatikiza, lamanzere limayamba kutsatira linzake. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, ndikukayika ngati vuto lili m'manja mwanumo. Ndikuganiza kuti dzanja lililonse munaliphunzitsa ndi kawerengedwe kakekake, lamanja mukuwerenga mpaka 3, lamanzere mpaka 2. Ndiye pokumana, manjawo alibe muyezo umodzi woti onse autsate, ndipo lamphamvu limangokoka linzake. Muyezo umene ukusowawo ndi 6, chifukwa 6 amagawika ndi 3 komanso ndi 2.

Tengani nthawi yonse ya chizungulire chimodzi, yomwe lamanja limagunda katatu lamanzere kawiri, muidule timagawo 6 tofanana. Lamanja ligunde pa 1, 3 ndi 5. Lamanzere ligunde pa 1 ndi 4. Manambala amachedwetsa lilime, choncho ine ndimagwiritsa ntchito mawu a maphatikizo 6 awa: bwe-ra-ku-no-mwa-na. Muziwatchula mosakoka, phatikizo lililonse kutalika kofanana ndi linzake, osati mmene timayankhulira pocheza.

Yambani ndi lamanja lokha, pa "bwe", "ku" ndi "mwa". Limeneli silivuta chifukwa likugwera poyambira liwu lililonse. Kenako lamanzere lokha, pa "bwe" ndi "no", ndipo apa ndi poti mukhalitsepo. "No" ali kumapeto kwa liwu lakuti "kuno", pomwe khutu silikuyembekezera kugunda kulikonse, ndiye dzanja limafuna kuthamangira pa "ku" kapena kuzengereza mpaka pa "mwa". Mukaona kuti lamanzere palokha likuphonya "no" pakamwa pakutchula mawuwo, dziwani kuti kuphatikiza sikunakwane nthawi yake. Libwerezeni mpaka lizigwera pa "no" kakhumi motsatizana osaphonya.

Pophatikiza, musayese kumvetsera manja awiri nthawi imodzi, mutu sungathe poyamba. Muone ngati ndi kagundidwe kamodzi: pa "bwe" onse pamodzi, pa "ra" zii, pa "ku" lamanja, pa "no" lamanzere, pa "mwa" lamanja, pa "na" zii. Ndiye kuti onse, kupuma, lamanja, lamanzere, lamanja, kupuma. Manja amakumana kamodzi kokha, pa "bwe". Kugunda kwachiwiri kwa lamanzere kumagwera pakatikati penipeni pa kugunda kwachiwiri ndi kwachitatu kwa lamanja. Zimathandizanso kuti manjawo asamamveke mofanana: lamanja pathebulo, lamanzere pantchafu. Mukatero khutu limasiyanitsa lokha.

Zolakwika zake zimamveka. Mukamva manja akugunda limodzi kawiri m'chizungulire chimodzi, ndiye kuti lamanzere lagwera pa "ku" kapena pa "mwa". Cholakwika china n'chobisika kwambiri, ndipo ine chinandinamiza kwa milungu ingapo: kudya mipata ija ya "ra" ndi "na". Munthu amagunda onse, lamanja, lamanzere, lamanja, mwa dongosolo lolondola ndithu, koma motalikirana mofanana ngati akuwerenga mpaka 4. Dongosolo la manja lilipo, koma 3 ndi 2 uja wathawa. Kuti mudzigwire, dzijambuleni pafoni, kenako mumvetsere dzanja la pathebulo lokha. Ngati likutsimphina, kwina kufulumira kwina kuchedwa, mwadya mpata.

Ngati muli ndi metironomu pafoni, pulogalamu yomwe imalira motalikirana mofanana posunga liwiro, iikeni pa 120 pa mphindi ndipo kulira kulikonse kukhale phatikizo limodzi. Chizungulire chimodzi chitenga masekondi 3, lamanja lizigunda ka 60 pa mphindi, lamanzere ka 40. Zimveka zochedwa mpaka kutopetsa, koma musathamange. Zikakhazikika, itsitseni pa 60 kuti izilira pamodzi ndi lamanja lokha, kenako pa 40 kuti izilira ndi lamanzere lokha. Liwiro la manja silinasinthe ngakhale pang'ono, koma mudzamva ngati mwayamba nyimbo ina. Pa 60 thupi limayenda ndi 3, lamanzere n'kumamveka ngati lolowerera. Pa 40 zimatembenuka, thupi limakhazikika pa 2 ndipo lamanja ndi lomwe limayandama pamwamba. Ambiri amagwa pa 40, chifukwa anazolowera kutsamira dzanja lamanja.

Ndikadakhala inu, sindikanati ndatha ndisanayese izi: pitirizani kugunda, siyani kutchula mawu aja, kenako chotsani lamanja mwadzidzidzi lamanzere likupitirira. Ngati lamanzere lapitirira osagwedezeka, bwezerani lamanja pa "bwe" wotsatira, muchotse lamanzere. Zikatheka, sinthanitsani manja, lamanzere litenge 3, lamanja 2. Musadabwe mukapezeka mwabwerera pa 120 ndi "bwera kuno mwana" ngati tsiku loyamba.