Sikirinishoti ikuonetsa kuti uthenga unafufutidwa: kodi ndi umboni wa chiyani?

"Ndine wapampando wa banki m'khonde yathu ku Ndirande. Membala wina akuti anapereka K150,000 kwa msungichuma Lolemba, koma m'buku mwalembedwa K50,000. Mkangano unabuka Lachinayi. Membalayo watitumizira sikirinishoti ya macheza awo a pa WhatsApp. Pali uthenga wa msungichuma wa Lolemba wonena kuti 'Ndalandira K50,000' wokhala ndi mawu oti `Edited`, ndipo pansi pake pali `This message was deleted`. Anthu akuti msungichuma wagwidwa. Ndi zoona?"

Mayi wapampando, musafulumire kumulanda buku msungichumayo. Zizindikiro ziwirizo zikusonyeza kuti china chake chinachitika, koma sizikunena kuti mawu oyamba anali otani, kapena chifukwa chimene anawachotsera.

Tiyambe ndi `Edited`, poti pamenepa masiku akukuthandizani. Kuyambira 2023, WhatsApp imalola munthu kukonza uthenga wake, koma mkati mwa mphindi 15 zokha chiutumizireni. Zikadutsa, khomo latsekeka. Ndiye ngati uthengawo ndi wa Lolemba, unakonzedwa Lolemba lomwelo, masiku atatu mkangano usanayambe. Wonena kuti msungichuma anathamangira kukasintha ndalamayo Lachinayi atapanikizidwa ndi mafunso akunena zimene foni singalole. Izi sizikumuyeretsa ayi, chifukwa munthu angathe kulemba K150,000, mtima n'kutembenuka pa mphindi zisanu. Komanso angathe kukhala kuti anangokonza "Ndalandria" kukhala "Ndalandira". Chizindikiro chake ndi chimodzimodzi, kaya wasintha chilembo chimodzi kaya uthenga wonse, ndipo WhatsApp sisonyeza mawu akale.

Kufufuta kuli ndi nthawi yotalikirapo, pafupifupi masiku awiri. Mawu oti `This message was deleted` amaoneka wotumiza akasankha `Delete for everyone`. Pa foni yake iye pamalembedwa `You deleted this message`. Nthawi yomwe ili pambali pake ndi yomwe uthengawo unatumizidwa, osati yomwe unafufutidwa. Ndipo simungadziwe ngati anali mawu olembedwa, chithunzi kapena voisi. Ndani wa ife sanaponyepo uthenga wa kwa mlamu mu gulupu ya kumpingo n'kuufufuta mwamsangamsanga?

Chimene ambiri saganizira ndi ichi: kufufuta koopsa ndi kumene sikusiya chipsera. Mwini foni akasankha `Delete for me`, uthenga umangozimirira pa foni yake, popanda chizindikiro chilichonse. Mwina panali uthenga wa membalayo wonena kuti "yotsalayo ndibweretsa mawa", n'kuuchotsa asanajambule. Sindikunena kuti anatero. Ndikungoti sikirinishotiyo singakuuzeni. Dzina lomwe lili pamwamba nalonso ndi lomwe mwini foni anasunga yekha, kotero nambala iliyonse ingatchedwe "Msungichuma". Ngakhale mawu a kufufutawo munthu angathe kuwalemba ndi manja mopendeketsa, pa chithunzi n'kuoneka ngati enieni.

Choncho pa msonkhano wotsatira, mafoni onse awiri aikidwe pa mphasa, osati zithunzi. Tsegulani macheza omwewo mbali ndi mbali, dinani dzina pamwamba kuti muone nambala yeniyeni, kenako werengani uthenga umodziumodzi kuyambira Lolemba m'mawa. Uthenga wopezeka pa foni imodzi yokha, mwini foni inayo afotokoze kumene unapita. Pa chizindikiro cha kufufuta, dinikizani chala: chenicheni sichilola kukopera kapena kutumiza kwa wina, pomwe cholemba ndi manja chimalola ngati uthenga wamba.

Mawu oyamba aja nthawi zina amapezeka. Onani ngati membalayo anayankha pokoka uthenga wa msungichuma, chifukwa kabokosi ka mawu ogwidwa kawirikawiri kamatsala ngakhale uthenga weniweni utafufutidwa. Mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo ali ndi `Notification history`, koma imasunga za maola 24 okha ndipo imafunika kuti inali yoyatsa kale, ndiye pa nkhani ya sabata yatha musadalirepo. Aliyense atumizenso macheza onse kwa mlembi kudzera pa `Export chat`, kuti zimene mwaona tsikulo zisadzasinthe pambuyo.

Funso lalikulu komabe si la WhatsApp. Ndalamayo inayenda bwanji? Ngati inadutsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pali uthenga wotsimikiza wokhala ndi nambala ya thiranzakishoni, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo mwini nambala angapemphe sitetimenti yake ku kampaniyo. Imeneyo palibe mmodzi wa awiriwa angaikonze. Ngati inali ya pamanja, funsani amene analipo powerenga, ndi amene anasaina m'buku Lolembalo.