Anandilola kumujambula, koma akukana chithunzi chomwe ndinakonza

"Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi. Mayi wina anandilemba ganyu yomujambula zithunzi za bizinesi yake, ndipo anasaina pepala londilola kuika zina pa tsamba langa lotsatsira ntchito. Pa chithunzi chimodzi ndinamuchepetsa chiuno, ndinawongola mphuno, khungu ndinaliyeretsa pang'ono kuti atuluke bwino, kenako ndinachiika patsambalo. Pano wandilembera kuti ndichichotse pasanathe masiku 7, apo ayi akandisumira. Kodi chithunzicho si changa? Ndalakwa pati?"

Bambo, chotsani kaye chithunzicho lero lomwe, zokambirana zibwere pambuyo. Kuchotsa si kuvomera mlandu, ndipo mutha kunena zimenezo m'kalata yanu. Koma tsiku lililonse lomwe chikhala pagulu mutalandira kale dandaulo, mukudzichulukitsira chipukutamisozi chomwe bwalo lingakulamuleni, chifukwa kuyambira tsiku lomwe kalata ija inakufikani simunganenenso kuti simumadziwa kuti mwini thupi sakufuna.

Pa za umwini simunanamizidwe. M'maiko ambiri umwini wa chithunzi umakhala wa amene anachijambula, pokhapokha ngati mgwirizano kapena lamulo la dzikolo laupereka kwa amene analipira ntchitoyo. Umwiniwo umakupatsani mphamvu yoletsa anthu ena kukopera kapena kugulitsa ntchito yanu. Mphamvu yake imathera pomwepo. Sukupatsani ufulu pa nkhope ndi thupi la munthu amene ali m'chithunzicho. Chithunzi chimodzi chili ndi eni ufulu awiri: inu pa luso lanu, mayiwo pa maonekedwe awo, ulemu wawo ndi mbiri yawo.

Apa ndi pomwe ojambula ambiri amapunthwa, choncho ndichedwapo. Chilolezo pa ntchito yanuyi chili patatu. Pali chilolezo chojambula, chomwe mayiwo anapereka poima kutsogolo kwa kamera. Pali chilolezo chofalitsa, chomwe anapereka posaina pepala lija. Ndiye pali chilolezo chosintha thupi kapena nkhope, chomwe sindikuchiona paliponse m'zomwe mwalongosola. Kupatsidwa ziwiri zoyambazo sikubala chachitatu. Mayiwo analola kuti anthu aone iwo, osati munthu wina wa chiuno china ndi mphuno ina amene wavala dzina lawo.

Tengani pepalalo muliwerenge liwu ndi liwu. Ngati langonena kuti mungagwiritse ntchito zithunzi potsatsa ntchito yanu, za kusintha mulibe. Ngati muli mawu oti mungathe "kukonza" zithunzi, muli ndi poimira, koma pochepa. Woweruza amafunsa kuti munthu wamba posaina mawu amenewo akanamva chiyani, ndipo ambiri akamva kukonza amaganiza za kuwala, mtundu wa chithunzi, chiphuphu chomwe chatuluka m'mawa wa tsikulo kapena tsitsi lomwe lagwera pamaso. Komanso mawu a mgwirizano akakhala omveka pawiri, mabwalo amakonda kuwamasulira mopweteka amene anawalemba, ndipo analemba pepalalo ndi inu.

Pali muyeso womwe okonza zithunzi odziwa ntchito amatsata, ndipo umagwirizana bwino ndi mmene milandu yotere imaonedwera. Chomwe chikanatha chokha pa sabata ziwiri, monga chiphuphu, kutupa kwa maso kapena kachilonda, chichotseni popanda nkhawa yaikulu. Chomwe munthu amakhala nacho, monga chipsera, mpata wa pakati pa mano, makwinya, kukula kwa mphuno, kunenepa ndi mtundu wa khungu, musachikhudze mwiniwake asananene. Zitatu zomwe munasintha zonse zili m'gulu lachiwirili. Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi khungu. Inu munati mukukongoletsa, koma uthenga womwe mayiwo analandira, pamaso pa makasitomala awo ndi abale awo, ndi wakuti khungu lomwe anabadwa nalo limafunika kukonzedwa. Zimenezo zimapweteka, ndipo mawu oti "ndimafuna awoneke bwino" musawalembe m'yankho lanu, chifukwa loya wawo adzawawerenga m'bwalo ngati umboni wa chipongwe chomwecho.

Akapita kubwalo, njira zawo zingakhale izi. Yapafupi ndi kuphwanya mgwirizano, kuti munachita zopitirira zomwe munagwirizana. Ina ndi kugwiritsa ntchito maonekedwe awo potsatsa malonda popanda chilolezo chokwanira, zomwe maiko ena amaziika pansi pa ufulu wa chinsinsi ndi ulemu wa munthu, ena pansi pa malamulo oteteza uthenga wokhudza munthu. Ku maiko a mu mgwirizano wa Ulaya, mwachitsanzo, lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018 limati munthu angabweze chilolezo chake nthawi ina iliyonse, ndipo kubwezako kukhale kosavuta ngati kupereka. Mlandu woipitsa mbiri ndiye wovuta kwa iwo, poti ayenera kuonetsa kuti chithunzicho chinawatsitsa pamaso pa anthu oganiza bwino. Koma ngati pansi pake pali ndemanga zowaseka kuti anadzipaka mankhwala oyeretsa khungu kapena akunamiza anthu, umboniwo mwawapatsa kale. Chomwe angapemphe ndi chiletso cha khoti kuti musachifalitsenso, chipukutamisozi, ndi ndalama zomwe awononga pa mlanduwo.

Musayese kukana kuti simunasinthe kanthu. Chida cha pa kompyuta chosinthira mpangidwe wa zinthu pa chithunzi, chotchedwa `Liquify`, chikakankha chiuno chimakokanso zomwe zili kumbuyo, ndiye mupeza felemu ya chitseko yapindika pafupi ndi chiuno, mizere ya njerwa yakhota, kapena mizere ya pa nsalu yafinyana mbali imodzi. Khungu likayeretsedwa kumaso kokha, khosi, makutu ndi manja zimatsala ndi mtundu wake weniweni. Aliyense woika zithunzi ziwiri pamodzi amaona zimenezi pa mphindi imodzi.

Mukachotsa patsamba, musafufute kanthu mu kompyuta. Sungani fayilo yochokera mu kamera, kaya ndi `RAW` kapena `JPEG`, fayilo ya `.psd` yokhala ndi magawo onse a zomwe munasintha, pepala losainidwa, ndi mauthenga onse a pafoni pakati pa inu ndi mayiwo. Musanachotse, jambulani tsambalo mmene likuonekera, tsiku lomwe munaika, chiwerengero cha anthu omwe anagawana ndi ndemanga zonse. Zingaoneke ngati mukudzisungira msampha, koma ngati chithunzicho chinangokhala masiku ochepa ndipo ochiona anali owerengeka, umboni womwewo ndi umene udzachepetse chipukutamisozi. Kufufuta mafayilo mutaopsezedwa kale ndi mlandu kumapangitsa bwalo kuganiza kuti munali ndi chobisa. Onaninso kwina konse komwe chithunzicho chinapita: pa zikwangwani, m'mabuku oonetsa makasitomala, kwa mnzanu amene anakuthandizani kukonza.

Kenako yankhani polemba masiku 7 aja asanathe. Kalatayo ikhale yaifupi. Nenani kuti mwalandira dandaulo lawo, kuti chithunzicho mwachichotsa pa tsiku lakuti m'malo akutiakuti, kuti simudzachigwiritsanso ntchito, ndipo kuti mwakonzeka kuwapatsa china chomwe thupi ndi khungu sizinakhudzidwe. Kupepesa chifukwa cha kuwawa komwe amva ndi umunthu, ndipo milandu yambiri yotere imathera pomwepo. Ngati mukufuna kutchula za ndalama, lembani zimenezo m'kalata ina yapadera, yonena pamwamba kuti ndi yongofuna kugwirizana ndipo isagwiritsidwe ntchito ngati kuvomera mlandu. Kalata imeneyo loya aione isanapite. Mukagwirizana, lembani zomwe mwamvana, musaine nonse awiri, ndipo muikemo mawu oti nkhani yathera pomwepo. Akakana n'kukubweretserani zisamani, onani tsiku lomaliza kuyankha lomwe lalembedwapo, chifukwa mukalidumpha bwalo lingagamule inu kulibe.

Chimodzi chokha ndikuletseni mwamphamvu: musaike pagulu chithunzi choyamba ndi chokonzedwa moyandikana pofuna kuonetsa anthu kuti simunalakwe. Pamenepo mwafalitsanso kachiwiri popanda chilolezo, ndipo mwaitana gulu kuti liweruze thupi la mayiwo.

Pepala lanu lachilolezo likufunika kulembedwanso. Ligaweni kuti kasitomala asankhe yekha pochonga: kukonza kuwala ndi mtundu wa chithunzi, kuchotsa zosakhalitsa pakhungu, kusintha mpangidwe wa nkhope kapena thupi, apa atchule chiwalo chenichenicho, ndipo mtundu wa khungu ukhale ndi mzere wakewake. Pansi pake lembani komwe chithunzi chidzaikidwe ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Koma siginecha ya tsiku lojambula siikwanira, poti munthu sangavomereze zomwe sanazione. Mukamaliza kukonza, mutumizireni iye yekha zithunzi ziwirizo, choyamba ndi chomaliza, ndipo dikirani yankho lolembedwa lotchula nambala ya fayiloyo. Akakhala chete, sanavomere. Ndipo funso lake likhale lakuti "pali chomwe mukufuna ndisinthe?", osati "ndikuchepetseni mimba?", chifukwa funso lachiwirili lanyoza kale munthu asanayankhe.

Pa chithunzi cha gulu, aliyense amalamula thupi lake lokha. Mkwati sangakulamuleni kuti muchepetse m'bale wa mkwatibwi, ngakhale ali iye wolipira. Ana ndiye musawasinthe thupi n'komwe, ngakhale kholo litasaina.

Ngati mumajambulira makampani otsatsa malonda, dziwani kuti chilolezo cha wojambulidwa sichimaliza nkhani kwina. Ku Falansa, kuyambira pa 1 Okutobala 2017, chithunzi cha malonda chomwe thupi la wojambulidwayo lachepetsedwa kapena kukulitsidwa chiyenera kukhala ndi mawu oulula kuti chinakonzedwa, ndipo chindapusa chake ndi mayuro 37,500. Ku Norowe lamulo lofanana nalo linayamba pa 1 Julayi 2022, ndipo limakhudzanso khungu. Choncho funsani kasitomala wotere kuti chithunzicho chikaonetsedwa dziko liti musanachipereke.

Pali malire ena omwe nkhani imachoka pa chipukutamisozi n'kulowa m'manja mwa apolisi. Kuika nkhope ya munthu pa thupi lamaliseche, kapena kumuvula zovala pa chithunzi pogwiritsa ntchito mapulogalamu a makono, n'kuzifalitsa iye asanalole, ndi mlandu wopita nawo kundende m'maiko ochuluka, ngakhale thupilo lisakhale lake. Ku Amereka lamulo la mu Meyi 2025 limafunanso kuti masamba a pa intaneti achotse zithunzi zotere pasanathe maola 48 wodandaula akapempha. Zanuzi sizinafike pamenepo. Koma ngati pokonza chithunzi cha mayiwo munakulitsanso chifuwa kapena mbina, uzani loya wanu zimenezo pa tsiku loyamba, ndipo mumuonetse fayilo ya `.psd` ija kalata yanu isanatumizidwe.