Akuti Chiarabu chilibe "ndi"

"Abale, ndayamba kuphunzira Chiarabu. Andiuza kuti chilibe mawu ofanana ndi 'ndi' wathuyu. Nanga amanena bwanji kuti nyumba ndi yaikulu?"

Achemwali, amene wakuuzaniyo wangokupatsani theka, ndipo theka lomwelo ndi limene linandigwetsa mayeso ine. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Mphunzitsi wathu anatiimbira nyimbo imodzi teremu yonse: mulibe mneni wolumikiza m'chinenero chino, ingogundanitsani dzina ndi mfotokozi basi. Al-baytu kabiirun, nyumba yaikulu, kutanthauza kuti nyumbayo ndi yaikulu. Ana mudarrisun, ine mphunzitsi. Tinaloweza, tinasangalala kuti n'chophweka. Tsiku la mayeso pepala likuti tilembe "nyumbayo inali yaikulu". Ndinayang'ana chiganizocho thukuta lili kamukamu m'manja, cholembera chikuterereka. Ndinafufuza m'mutu zonse zimene anatiphunzitsa, osapezamo kanthu. Ndinalemba al-baytu kabiirun yomweyo n'kuphatikizapo mawu oti dzulo kumapeto, kuti mwina nthawi yakale imveke. Pobweza mapepala bambo uja anatenga langa, n'kuliwerenga mokweza pamaso pa kalasi yonse, akuseka, ati kodi nyumbayi inakula dzulo lokha? Anthu anafa nacho chiseko, chonsecho ambiri a iwo analemba zofanana ndi zanga. Ine ndinangoti zyoli, makutu akutentha. Kenako ndiye analemba pabolodi: kaana al-baytu kabiiran. Kaana! Mawu amene sanawatchulepo n'kamodzi komwe. Nditamufunsa kuti nanga munkati kulibe bwanji, anandiyankha kuti wophunzira wanzeru amawerenga patsogolo. Munthu wosaphunzitsa bwino, wodzikuza, wokankhira ulesi wake pa ana a eni.

Zoona zake n'zakuti mneniyo amasowa pamalo amodzi okha: pamene mukuvomereza chinthu cha nthawi ino. Mukangosuntha pang'ono amatulukira. Nthawi yakale ndi kaana, yam'tsogolo ndi sayakuunu, pokana ndi laysa: laysa al-baytu kabiiran, nyumbayo si yaikulu. Ndipo taonani kumapeto kwa mfotokoziyo. Popanda mneni anali kabiirun, koma kaana kapena laysa akalowa amasanduka kabiiran. "Ndinali mphunzitsi" ndi kuntu mudarrisan, osati mudarrisun. Apa ndi pamene anthu amataya malikisi ngakhale atamukumbuka kaana.

Chirasha chimachitanso chimodzimodzi. Ona vrach, iye dokotala, palibe kanthu pakati. Koma zakale ndi ona byla vrachom, mneni wabwera ndipo dzina lasintha mchira.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ife olankhula Chichewa sitinayenera kuvutika nazo, akanangotifotokozera kuchokera ku chathu. "Ndi" wathuyu naye satenga nthawi. Timati "mlongo wanga ndi namwino", koma zakale timathawira kwa -li, "anali namwino", zam'tsogolo kwa -khala, "adzakhala namwino", ndipo pokana timabweretsa mawu ena, "si namwino". Ndi malo omwewo amene Chiarabu chimasinthira. Kusiyana n'kwakuti pamene ife tayika "ndi", iwo amasiya pambalambanda.

Mudzafunsa kuti tsono mudziwa bwanji ngati akunena "nyumba yaikuluyo" kapena "nyumbayo ndi yaikulu". Yang'anani al-, kamphatikiri ka kumayambiriro kwa mawu kosonyeza kuti chinthucho n'chodziwika. Akakhala pa mawu onse awiri, al-baytu al-kabiiru, chiganizo sichinathe, mwangotchula nyumba yaikuluyo ndipo womvera akudikira kuti yatani. Akakhala pa dzina pokha, mfotokozi alibe, chiganizo chakwana. Ntchito imene "ndi" amagwira kwa ife, kumeneko ikugwiridwa ndi kusowa kwa al- pa mawu achiwiriwo. Mbali zonse zikakhala zodziwika, monga "Zayidi ndiye mphunzitsiyo", amalowetsa mlowam'malo huwa pakati: Zaydun huwa al-mudarrisu. Akufanana ndi "ndiye" wathu, koma si mneni ayi, ndi "iye".

Langizo langa, musakhulupirire aliyense wokuuzani kuti kulibe. Komabe miyezi yoyambayi chitani ngati kulibedi. Ndaona anzanga atamva za kaana akuyamba kuthira yakuunu, yemwe ndi kaana wa nthawi ino, paliponse pamene Chichewa chili ndi "ndi", ndipo zimamveka ngati akuti "imakhala yaikulu", osati "ndi yaikulu". Ena amabzala huwa m'chiganizo chilichonse. Zolowerani kaye kusiya mpatawo wopanda kanthu. Mukatero tengani chiganizo chimodzi, muchilembe cha lero, cha kale, cha m'tsogolo ndi chokana, mukuyang'anitsitsa mchira wa mfotokozi. Ndipo funsani aphunzitsi anu sabata ino yomwe kuti "inali yaikulu" amati chiyani, musadikire pepala la mayeso.